Pomwe Banja Limakhala Chete: Gwero la Nthano Yaitali Yoyamba

Nthano yaitali, imene ena amaitcha novelo, imayamba ndi funso limene mlembi sangathe kuliyankha m'chiganizo chimodzi. Ambiri amene akuyamba kumene kulemba amakasaka funsoli m'mafilimu ndi m'mabuku a anzawo, ndipo zotsatira zake zimakhala nkhani za anthu amene mlembiyo sanakhalepo nawo, olankhula mawu amene iye sanawamvepo ndi khutu lake. Komatu pafupifupi banja lililonse lili ndi nkhani imene imakambidwa theka lokha: malume amene anapita ku Joni osabwerako, munda umene abale awiri analekera kulankhulana, mwana amene analeredwa ndi azakhali popanda wofotokoza chifukwa. Pamalo otere pali kale anthu, malo, nthawi ndi chinsinsi. Chimene chimatsala ndi luso lozifukula ndi kuziumba.

Njira imeneyi si yachilendo m'zolemba za Chichewa. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa buku lake la Nthondo mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Nthondo ndi munthu wongopeka, koma moyo wake, kuyambira kubadwa mpaka imfa, unaumbidwa ndi zimene Nthara ankaona tsiku ndi tsiku m'midzi ya Achewa. Mu 1949 mlembi yemweyo anatulutsa Msyamboza, mbiri ya mfumu ya ku Dowa imene inakhalapodi ndi moyo. Mabuku awiriwa akusonyeza mphambano imene wofukula za makolo amafikapo. Akhoza kulemba mbiri, imene iyenera kutsata zimene zinachitikadi, kapena kulemba nthano, imene imatenga zochitikadi ngati dothi loumbira. Nkhani ino ikutsata njira yachiwiriyo.

Mitundu ya nkhani za m'banja

Nkhani zimene banja limasunga sizilemera mofanana. Pali zimene zimakambidwa pa ukwati uliwonse ndi pa maliro aliwonse, monga mmene agogo anaphera kambuku kapena mmene anayendera wapansi mpaka ku Harare. Nkhani zotere zinasalala chifukwa chobwerezedwa, ngati mwala wa mumtsinje. Zimasangalatsa kumva, koma kawirikawiri sizibala buku, chifukwa banja linagwirizana kale za tanthauzo lake ndipo palibe chotsala choti mlembi afufuze.

Zolemera kwambiri ndi zimene anthu awiri amazifotokoza mosiyana, komanso zimene akulu amazidumpha. Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Wofotokoza amafulumira akafika pa chaka china. Dzina lina likatchulidwa, amayi amadzuka kukayang'ana ndiwo pamoto. Munthu wina amangotchulidwa kuti "ujeni" kapena "wa kutsidya uja". Nthawi zina yankho limakhala lalifupi kwambiri, lakuti "zinachitika kale zimenezo." Pamene pali kudumpha kotere pamakhala munthu amene anasankha chinthu chovuta, ndipo ena anavulala nacho. Kusankha koteroko ndiko mtima wa nthano yaitali.

Pali chinthu china chimene wofufuza ayenera kuchikumbukira m'madera a chikamwini, monga m'midzi yambiri ya Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe. Ana amakulira kuchikazi, choncho mbiri imene amaidziwa bwino ndi ya mbumba ya amayi awo. Bambo, pokhala mkamwini, amaoneka monga mmene akuchikazi ankamuonera, ndipo ngati ukwati unatha, mbiri yake imakhala ya munthu wolakwa basi. Ulendo umodzi wopita kumudzi kwa bambo kapena kwa agogo aamuna ungasinthe nkhani yonse, chifukwa kumeneko munthu yemweyo ndi mwinimbumba wolemekezeka, mlongo wa wina, mwana wa wina.

Kafunsidwe

Funso lakuti "tandiuzeni mbiri ya banja lathu" silibweza kanthu kupatula nkhani zosalala zija. Funso labwino limayambira pa chinthu chogwirika. Bokosi lachitsulo la pansi pa bedi linabwera ndi ndani? Pachithunzi ichi, amene anaima kumapetoyu ndani, nanga n'chifukwa chiyani mbali ina inadulidwa? Nyumba yoyamba yamalata inamangidwa ndi ndalama zochokera kuti? Munthu wachikulire amene sangayankhe za mmene ankamvera mumtima amafotokoza mwatsatanetsatane za mtengo wa njinga, ndipo pofotokozapo amatchula yekha amene anakwiya itagulidwa.

Kucheza kumayenda bwino kukakhala kwa munthu mmodzi pa nthawi. Agogo aakazi salankhula zofanana pamene agogo aamuna ali pomwepo, ndipo mlamu kapena mpongozi akakhala pafupi, mawu amachepa. Ola limodzi n'lokwanira, ndipo kubwerako katatu kumapindulitsa kuposa kukhala tsiku lathunthu, chifukwa pakati pa maulendowo wokalamba amagona akukumbukira. Nthawi yabwino ndi imene manja ali pa ntchito, potongola chimanga kapena poswa mtedza, pamene maso sakuyang'anizana. Kujambula mawu pa foni kumathandiza kusunga kalankhulidwe, koma kuyenera kupemphedwa poyera. Wofunsidwa akakana, wofufuza alembe m'kope atangochoka, asanagone.

Zaka zimavuta, chifukwa akulu ambiri sawerenga nthawi ndi manambala. Amaiwerenga ndi zochitika, ndipo mlembi ndiye amasandutsa zochitikazo kukhala zaka. Napolo wa ku Zomba anatsika mu 1946. Njala yaikulu imene inakantha kwambiri chigawo cha kummwera inali ya 1949. Chitaganya chinayamba mu 1953 ndi kutha mu 1963, ufulu unabwera mu 1964, ndipo riferendamu ya zipani zambiri inachitika mu June 1993. Agogo akanena kuti anatha msinkhu njala ija itangotha, mlembi wapeza kale msomali wokolekapo zaka zina zonse. Pofuna kutsimikiza zambiri, nkhokwe ya boma yosungira zolemba zakale ili ku Zomba, ndipo mishoni zakale zimasunga mabuku a ubatizo ndi a maukwati.

Akamaliza kucheza, mlembi agawe tsamba la kope m'magawo atatu: zimene onse akugwirizana, zimene akutsutsana, ndi zimene palibe akudziwa. Gawo loyamba ndi maziko. Lachiwiri limapereka mkangano. Lachitatu ndilo munda wa mlembi, chifukwa m'menemo ali ndi ufulu wopeka popanda kunamizira aliyense.

Chitsanzo: bokosi la mtchona

Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, koma chaikidwa m'mbiri yeniyeni imene mabanja ambiri a m'Malawi amaidziwa. Banja lina la ku Dedza limakamba kuti agogo aamuna analembetsa Wenela mu 1972, kupita kumigodi ya ku Joni, ndipo anafera m'ndege pobwerera. Onse akugwirizana kuti anapita, kuti anasiya mkazi ndi ana awiri aakazi, ndiponso kuti patapita nthawi mnzawo wina anabweretsa bokosi lachitsulo. M'bokosimo munali bulangete, wailesi, makalata angapo ndi nsapato za mwana. Azakhali ena amanong'ona kuti munthu wina anawaonapo agogowo ku Bulawayo patapita zaka zambiri. Ndipo agogo aakazi, pofunsidwa za nsapato zija, amangoti zinali zazing'ono, sizinakwane mwana aliyense wa pakhomopo.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza nkhaniyi ndi mbiri yodziwika. Ngozi ya ndege inachitikadi. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kumigodi anafa. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito kumeneko. Kulembako kunayambiranso mu 1977, bungwe lija litayamba kudziwika ndi dzina limene anthu amalitchula kuti Theba, ndipo kunatheratu mu 1988. Komanso anthu a Wenela sankalandira malipiro awo onse kumgodi: gawo lina linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Izi zikutanthauza kuti munthu wotchona ankasiya ndalama zake, ndipo kutero sikunali kopepuka.

Tsono mlembi atsegule makalata aja. Tiyerekeze kuti kalata yomaliza ili ndi chidindo cha August 1974, miyezi inayi ngozi itachitika. Pamenepo nkhani yatembenuka. Agogo sanafere m'ndege, ndipo wina m'banjamo ankadziwa zimenezi, chifukwa kalatayo inatsegulidwa ndi kuwerengedwa. Funso loyamba, lakuti agogo anapita kuti, lasanduka lina lakuya kwambiri: ndani anapeka imfa imeneyi, ndipo ankafuna kupulumutsa yani?

Chikhalidwe cha m'mudzi chimapereka yankho lomveka. Mkazi amene mwamuna wake wamwalira amalira, amameta, amasudzulidwa, ndipo amakhala womasuka kukwatiwanso. Mkazi amene mwamuna wake wangosowa amakhala pakati: si wamasiye, si wapabanja, ndipo ankhoswe alibe womuitanira pa bwalo. N'zotheka kuti mwinimbumba, poona mlongo wake akukalamba ndi kudikira, anabisa kalata ndi kulengeza maliro. N'zothekanso kuti mkaziyo ndiye anawerengetsa kalatayo kwa mphunzitsi, namva kuti mwamuna wake ali ndi mwana kwina, nasankha yekha kukhala wamasiye kusiyana ndi kukhala wosiyidwa. Banja silidziwa chimene chinachitika. Mlembi asankhe, ndipo asankhe chimene chikupweteka kwambiri ndi kubala zotsatira zambiri. Pa ziwirizi, chachiwiri n'champhamvu, chifukwa chimaika bodza m'manja mwa munthu yemweyo amene adzalisenze moyo wake wonse.

Apa mpamene pamaonekera mwini nkhani. Ongoyamba kumene amathamangira kwa amene anapita, chifukwa ulendo, mgodi ndi tauni zimaoneka zokopa. Koma mlembi amene sanatsikepo mumgodi, ndipo sadziwa Chifanakalo chimene ankalankhula kumeneko, adzalemba zongomva. Pomwe khonde la agogo aakazi, nkhokwe yawo, mtsinje wochapirako ndi tchalitchi chawo amazidziwa mpaka fungo. Kuwonjezera apo, mpangankhani wamkulu amayenera kukhala amene akufuna chinthu, akutsekerezedwa, ndipo ayenera kusankha. Mayi wotsalayu akufuna ulemu ndi bambo wolera ana ake. Chomutsekereza ndi choonadi chimene chili m'bokosi. Amasankha bodza, n'kukwatiwanso, n'kubereka ana ena atatu. Ndiye mu 1994, dziko likusintha ndipo obisala ambiri akubwerera kwawo, nkhalamba yodwala chifuwa cha kumigodi ikutsika basi pa Dedza, ikufunsa njira ya kumudzi kumene anailira kale maliro.

Lingaliro likafika pamenepa limatha kunenedwa m'ziganizo ziwiri, ndipo kumeneko ndi kuyesa koyamba. Mayi amene anapeka imfa ya mwamuna wake kuti amasuke akukakamizidwa kusankha pakati pa kumukana pamaso pa mudzi ndi kuulula bodza limene banja lake lachiwiri linamangidwapo. Ngati mlembi sangathe kufupikitsa chonchi, nthawi zambiri ndiye kuti ali ndi mutu chabe, monga "umphawi" kapena "mavuto a amayi", ndipo nkhani yeniyeni sanaipeze.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa kutalika. Nkhani yaifupi imazungulira pa chochitika chimodzi, pomwe nthano yaitali imafuna zochitika zoberekana, chilichonse chikukankha chinzake. Mlembi atenge pepala n'kulemba zochitika zimene zingaonetsedwe maso ndi maso, mzere umodzi pa chilichonse: tsiku lotsanzikana, kufika kwa bokosi, kuwerengetsa kalata, kumeta, kufunsira kwa mwamuna wachiwiri, tsiku limene mwana wamkulu akupeza nsapato zija, mphekesera ya ku Bulawayo, imfa ya mphunzitsi amene ankadziwa chinsinsi, kufika kwa nkhalamba, mlandu kwa a mfumu. Zikafika 20 kapena 25 mosakakamiza, bukulo lilipo: zochitika 25 za mawu pafupifupi 1,500 chilichonse zimapereka mawu 37,500. Zikathera pa zisanu, lingalirolo ndi la nkhani yaifupi, ndipo kulikoka kuti litalike kumangobala masamba a malangizo ndi kubwerezabwereza.

Zimene moyo wa tsiku ndi tsiku umawonjezera

Mbiri ya banja imapereka mafupa, koma mnofu umachokera ku zimene mlembi amaona lero. Agogo aakazi sadzabwereza mawu enieni amene analankhulidwa pa bwalo zaka 50 zapitazo. Mlembi amene akufuna kulemba mlanduwo akakhale pa bwalo la a mfumu Loweruka lina, amve mmene nkhoswe imayambira kutali isanafike pa mfundo, mmene amayi amakhalira mbali yawo, mmene wokalamba amatsokomolera asanatsutse. Pa siwa amva mmene abale amalankhulirana mokuluwika za katundu wa malemu maliro asanaikidwe. Pa mjigo, kuchigayo, m'minibasi ndi pa msonkhano wa banki m'khonde amva mmene mphekesera imayendera, mmene munthu amanenera "ndangomva" pamene ndiye woyambitsa.

Chofunika kulemba m'kope ndi chimene sichikanapekedwa pa tebulo. Mayi wogulitsa mandasi amene amapsompsona ndalama yoyamba ya tsiku. Bambo amene wavala jekete yaikulu kuposa thupi lake pa maliro a mkulu wake, ndipo aliyense akudziwa mwini jeketeyo. Zinthu zotere zilembedwe ndi tsiku ndi malo, mizere itatu kapena inayi, popanda ndemanga. Pakatha miyezi itatu, kopelo likawerengedwa lonse, limasonyeza zimene diso la mlembiyo limabwererako mosadziwa. Wina apeza kuti theka la zolemba zake ndi za ngongole, wina za ana oleredwa ndi agogo. Nthawi zambiri zimenezi zimagwirizana ndi mpata uja wa m'mbiri ya banja, ndipo kugwirizanako ndi umboni wakuti nkhaniyo mlembi angakhale nayo chaka chathunthu osatopa.

Moyo wa lero umathanso kupereka khomo lolowera m'nkhani yakale. Masiku ano achinyamata ambiri a ku Mangochi, Mzimba ndi maboma ena akupitabe ku Joni pa basi, ndipo akazi awo akudikira uthenga pa foni monga agogo ankadikirira kalata. Mdzukulu amene mwamuna wake wasiya kuyankha foni angakhale woyenera kutsegula bokosi lachitsulo lija, ndipo nthawi ziwirizo zingayende limodzi m'buku.

Zimene zimalakwika

Vuto lofala kwambiri ndi kulemba zonse. Banja lenileni lili ndi azakhali asanu ndi amalume anayi, ndipo mlembi amaopa kusiya wina. Chizindikiro chake n'chakuti owerenga oyamba amafunsa kuti "uyu ndi uti uja?" asanamalize mutu wachitatu. Mankhwala ake ndi kuphatikiza: azakhali atatu onong'ona asanduke mmodzi, ndipo aliyense wotsala akhale ndi ntchito m'nkhani imene wina sangaigwire. Lofanana nalo ndi kuyambira pa kubadwa kwa agogo ndi kutsata chaka ndi chaka. Zikatero ndime zambiri zimayamba ndi "kenako", pomwe m'nthano yolimba chochitika chimadza chifukwa cha chinzake. Nkhani ya bokosi iyambire pa tsiku limene bokosilo likufika, kapena pa tsiku limene nkhalamba ikutsika basi.

Vuto lina limabadwa ndi chikondi. Mlembi safuna kuti agogo ake aoneke olakwa, choncho amawapatsa mtima woyera ndi kukankhira zoipa zonse kwa wina. Kapena amalemba ali ndi mkwiyo, pofuna kubwezera bambo amene anathawa, ndipo bamboyo amatuluka ngati chilombo chopanda zifukwa. Njira yoyesera ndi kulemba tsamba limodzi m'mawu a munthu wodedwayo, akudziteteza monga mmene akanachitira pa bwalo. Mtchona uja ayenera kukhala ndi chifukwa chimene owerenga angachimve: mwina anavulala n'kuchita manyazi kubwerera chimanjamanja, mwina mayi amene anamusamalira akudwala ndiye anam'berekera mwana wa nsapato zija. Tsamba limeneli likakanika kulembeka, ndiye kuti mlembi akadali woweruza, ndipo bukulo lidikire kaye.

Chomaliza ndi udindo kwa amoyo. Kusintha dzina kokha sikubisa munthu m'mudzi momwe aliyense akudziwa amene anali ndi bokosi lachitsulo. Pamafunika kusintha boma, chiwerengero cha ana, ntchito, ngakhale zaka, malinga ngati kusinthako sikuphwanya mbiri imene nkhaniyo yatsamirapo. Banja la ku Dedza lingasamutsidwire ku Ntcheu kapena ku Mchinji, koma likasamutsidwira ku Mzimba, kumene mkazi amakhala kwa mwamuna ndipo pali malobolo, nkhani ya kusudzula ndi mphamvu za mwinimbumba iyenera kuumbidwanso yonse. Chinsinsi chimene wokalamba anachiulula atapempha kuti chisamveke chiyenera kulemekezedwa, makamaka chikakhudza za yemwe ali bambo weniweni wa munthu amene ali moyo, za ufiti kapena za matenda. Kunenera munthu wodziwikiratu mlandu umene sanapalamule kungafikitsenso mlembi kukhoti. Alembi ena amawerengera mwini nkhani mitu imene ikumukhudza bukulo lisanapite kwa osindikiza, ndipo kucheza kumeneko nthawi zina kumatulutsa chidutswa chimene chinatsala pa ulendo woyamba, monga dzina la mphunzitsi amene anawerenga kalata ija.